Pepala lopezera pokhotera filimu: pomwe ntchito yafika

Lolemba

Ntchito ndi iyi: ndikufuna kupanga pepala limodzi lokha, loti munthu akhale nalo pambali akamaonera filimu iliyonse, azitha kuloza kuti apa ndiye nkhani yakhota, apa yakhotanso, popanda kukafunafuna sikiripiti yake. Ndayamba ndi kulemba zoyambira kaye kuti ndisamazungulire.

Maganizo oti filimu imagawika m'magawo atatu anawatchukitsa kwambiri ndi Syd Field m'buku lake la Screenplay lomwe linatuluka mu 1979. Zoti nkhani imakhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero si zake ayi, Aristotle ananena kalekale, koma Field anaika manambala. Pa sikiripiti ya filimu peji imodzi imatenga pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, ndiye filimu ya maola awiri ndi mapeji ngati 120. Iye anati mapeji 30 oyamba ndi oyalira nkhani, 60 apakati ndi olimbana, 30 omaliza ndi othetsa. Chakumapeto kwa gawo loyamba, cha pa peji 25 mpaka 27, pamachitika chinthu chimene chimakoka nkhani nkuitembenuzira kwina, ndipo china chotero chimabweranso cha pa peji 85 mpaka 90. Zimenezi ndi zomwe olemba amazitchula kuti mapuloti pointi, ine pa pepala langa ndikungolemba kuti pokhotera poyamba ndi pokhotera pachiwiri.

Ndiye mzere woyamba pa pepalalo ndi samu basi. Onani kutalika kwa filimu pa kamzere ka nthawi kaja, chotsanipo maina akumapeto ngati ndi ataliatali, mugawe panayi. Mwapeza malo atatu oti muzitchera khutu: kota yoyamba, theka, ndi makota atatu.

Koma samuyi siyipeza kanthu payokha, imangokuuzani dera loti muyang'ane. Chomwe chikundidya mutu ndi funso loti munthu azidzifunsa akafika m'deralo, poti m'mphindi khumi zimenezo mumakhala masini angapo ndipo onse amaoneka ofunika.

Lachitatu

Ndasankha filimu yoyesera, Jaws ya Steven Spielberg ya 1975, nkhani ya shaki yodya anthu, mphindi 124. Ndaisankha dala chifukwa ili ndi masini ambiri aphokoso, anthu kukuwa, magazi, nyimbo yoopsa ija, ndiye ngati pepala langa lingasokonezeke ndi phokoso lisokonezekera pompano. Amene simunaionere dziwani kuti ndiulula zonse mpaka mathero. Samu ikuti tiyang'ane cha pa mphindi 31, 62 ndi 93.

Choyamba chimene ndalemba si pokhotera ayi, ndi mwini filimu ndi chomwe akufuna. Popanda ichi palibe chomwe mungayeze. Mu Jaws mwini filimu ndi Brody, mkulu wa apolisi pa chilumba cha Amity, munthu wochokera ku New York amene amaopa madzi. Si shaki, si Quint msodzi uja ngakhale kuti ndi amene amakoma kumuonera. Mtsikana akuphedwa usiku koyambirira kwenikweni, m'mawa mwake Brody akuona zotsala za thupi lake pa mchenga, dokotala akuti ndi shaki, Brody akufuna kutseka magombe. Apa ndiye poyambira vuto, chinthu chimene chasokoneza moyo wa masiku onse. Anthu ambiri amasakaniza poyambira vuto ndi pokhotera poyamba, koma ndi zinthu ziwiri. Poyambira vuto pamamugwera munthu, sanapemphe. Pokhotera poyamba ndi pomwe iye mwini walowamo ndi miyendo yonse.

Ndipo taonani zomwe Brody akuchita vuto litabwera: meya Vaughn akumuuza kuti tauni imadya ndalama za alendo a nyengo yotentha, dokotala uja akusintha mawu kuti mwina inali ngozi ya boti, Brody akugonja, magombe akhala otsegula. Ndiye kuti sanalowemo. Akudziwa zoona koma akumvera akuluakulu.

Kenako kamnyamata Alex Kintner kakuphedwa masana anthu onse akuona, Brody ali chikhalire pa gombe pomwepo. Sini imeneyi ndi yamphamvu kwambiri moti dzanja limathamangira kulemba kuti apa ndiye pokhotera poyamba. Ine ndikukana. Nthawi yake ndi yoyambirira, mphindi 20 zisanakwane, koma chifukwa chenicheni si nthawi. Tafunsani kuti sini itatha Brody akuchita chiyani chimene samachita kale. Ku msonkhano wa tauni akunena kuti magombe atsekedwa, meya akumudula pakamwa kuti ndi maola 24 okha, iye wangoti kakasi. Mayi a mwana aika ndalama zokwana madola 3,000 kwa amene aphe shaki, Quint akuti iye afuna 10,000, asodzi akuthamangira kunyanja. Tauni yonse yasuntha, koma Brody akadali munthu yemwe uja wofuna kutseka gombe amene akukanizidwa. Vuto lakula, njira yake sinasinthe.

Ndaima pamenepa lero. Funso lomwe ndalemba pa pepala pakadali pano ndi loti: sini iyi ikatha, kodi mwini filimu angathe kubwerera kumachita zomwe amachita dzulo? Ngati angathe, si pokhotera.

Lachisanu usiku

Dera la mphindi 31 ndaliona mofatsa, ndimaimitsa sini iliyonse ikatha nkulemba chiganizo chimodzi cha zomwe Brody akufuna panthawiyo. Njira imeneyi ikuthandiza kuposa china chilichonse chomwe ndayesa, chifukwa ziganizozo ukaziika mondondozana umaona ndi maso pomwe mneni wasintha.

Hooper, katswiri wa za m'nyanja, wafika, wayeza thupi la mtsikana uja, wanena motsimikiza kuti sinali ngozi ya boti. Asodzi agwira shaki yamtundu wa taigala, aipachika pa doko, anthu akujambulitsa, meya wasangalala, Brody nayenso akumwetulira chifukwa kwa iye nkhani yatha. Chiganizo changa apa: Brody akufuna kukhulupirira kuti zatha. Ndiye pakubwera mayi a Alex atavala zakuda, akumumenya mbama pamaso pa anthu, akumuuza kuti amva zoti iye ankadziwa za mtsikana uja koma analola anthu kusambirabe. Meya akuti mayiwo akulakwitsa, Brody akuti ayi sakulakwitsa. Mulibe shaki mu sini imeneyi, mulibe nyimbo yoopsa, ndi anthu angoimirira pa doko basi.

Usiku womwewo, atamwako vinyo ndi Hooper kunyumba, Brody akuganiza zokang'amba mimba ya shaki ija ngakhale kuti meya anakana masana. Mkazi wake akufunsa ngati ali ndi mphamvu yochita zimenezo, iye akuyankha kuti ndi mkulu wa apolisi. Akuing'amba, mukutuluka nsomba, chitini, nambala ya galimoto, koma za mwana mulibe. Ndipo munthu woopa madzi uja akukwera boti la Hooper usiku womwewo. Chiganizo changa apa: Brody akufuna umboni, ndipo akuusaka yekha osadikira chilolezo.

Mwaona mnenimo? Kuchoka pa kupempha kufika pa kusaka. Ine pokhotera poyamba ndapaika apa, mbama ija ndi kung'amba shaki, ziwirizi pamodzi chifukwa mbama ndiyo ikumukankha ndipo kung'ambako ndiye kusankha kwake. Zikubwera mochedwerapo pang'ono kuposa mphindi 31 ndipo sindikuona vuto, samu ija inangotifikitsa m'dera. Ndikudziwa kuti ena amaika pa imfa ya Alex ndipo ali ndi mfundo yawo, poti pamenepo ndi pomwe chinsinsi chatha tauni yonse yadziwa. Koma amenewo akuyeza nkhani ya tauni. Ine ndikuyeza ya Brody, ndipo ndikuona kuti munthu ukasankha mwini filimu uyenera kukhala naye mpaka kumapeto, osamasinthasintha muyeso sini ikakusangalatsa.

Pa pepala ndawonjezera kuti pokhotera nthawi zambiri pamakhala pawiri: chomugunda, kenako chomwe wasankha kuchita. Mukapeza chomugunda musalembe msanga, dikirani sini imodzi kapena ziwiri muone ngati wasinthadi kachitidwe. Akapanda kusintha, chinali chongokulitsa vuto.

Lamulungu

Theka. Apa samu ndi filimu zagwirizana bwino kwambiri. Cha pa ola limodzi ndi tsiku la 4 Julaye, gombe ladzaza, alonda ali m'maboti ndi mfuti. Pakuoneka chipsepse, anthu akupondana pothawa, kenako zikupezeka kuti ndi ana awiri amaseweretsa chipsepse chopanga. Aliyense akupuma. Nthawi yomweyo shaki yeniyeni ikulowa m'kadziwe kam'mbali komwe Brody anauza mwana wake Michael kuti akaseweretseko boti poganiza kuti ndi kotetezeka. Ikupha bambo wina pafupi ndi mwanayo, Michael akumuvuula atakomoka ndi mantha. Brody akuyang'ana kunyanja, kamera ikupita komweko. Kuchipatala akumugwira meya kuti asayine pepala lolemba ntchito Quint, kenako Brody akuti naye apita nawo kunyanja.

Field m'buku loyamba lija sanalimbikire za pakati, anadzawonjezera midipointi, kukhota kwa pa theka la filimu, pambuyo pake ataona kuti mapeji 60 apakati ndi ambiri, olemba amasochera m'menemo. Ndipo Kristin Thompson, amene anafufuza mafilimu ambiri aku Hollywood, analemba mu 1999 kuti ambiri amagawika bwino panayi osati patatu, chifukwa pakati pamakhala kukhota kwakukulu kofanana mphamvu ndi kwinako. Ukaonera Jaws umamvetsa chifukwa chake. Theka loyamba ndi pamtunda, mdani wa Brody ndi meya ndi ndalama za tauni, shaki ndiyo ikusaka anthu. Theka lachiwiri ndi panyanja, amuna atatu m'boti la Orca, meya sakuonekanso, anthu ndi amene akusaka shaki. Malo asintha, anthu achepa, ngakhale mtundu wa filimu wasintha.

Ndiye pali msampha apa umene pepala langa liyenera kuchenjeza. Munthu akhoza kuona kukhota kwakukulu chonchi nkunena kuti gawo lachitatu layamba, kapena kuti gawo loyamba ndiye langotha kumene. Mungasiyanitse bwanji? Ine ndapeza kuti pa theka funso lalikulu la filimu silisintha, chimasintha ndi njira komanso mtengo wake. Funso likadali loti kodi Brody achotsa shaki imeneyi pa Amity. Kale amayesa ndi zikwangwani, alonda ndi kukangana ndi meya, tsopano apita iye mwini, ndipo chifukwa chake si udindo wokha, yafika pa mwana wake. Pa theka mwini filimu amasiya kuzinda nkuyamba kulondola. Komanso onani nthawi yatsala: ngati kwatsala ola lathunthu, simunafike kothetsa nkhani, pali zambiri zoti zilephereke kaye.

Chizindikiro china chimene ndaika m'mbali mwa pepala, osati ngati lamulo: filimu ikasintha malo kotheratu, kapena ikadumpha nthawi, kapena nyimbo ikayamba kulira pomwe anthu sakulankhula ndipo tikungoona ulendo, kawirikawiri kukhota kwangochitika kumene. Bwererani m'mbuyo mphindi ziwiri zitatu. Boti likutuluka pa doko si pokhotera, ndi zotsatira zake. Kukhota kunachitika kuchipatala ndi cholembera.

Lachiwiri

Pokhotera pachiwiri pandivuta kuposa ponse, ndipo ndikuganiza kuti ndi momwe zilili m'mafilimu ambiri chifukwa chakumapeto zinthu zimathamanga, sini iliyonse ikuoneka ngati ndiyo yomaliza.

Cha kudera la mphindi 93 kuli sini yausiku m'kachipinda ka boti, akumwa, Quint ndi Hooper akuonetsana zipsera, kenako Quint akufotokoza za sitima yankhondo ya Indianapolis imene inamira mu 1945 ndi momwe shaki zinadyera anzake m'madzi. Ndi sini imene anthu amaikumbukira kwambiri ndipo yagwera pomwe samu ikuloza, ndiye chiyeso chake ndi chachikulu. Koma ndaiyesa ndi funso langa ndipo siikudutsa. Ikatha palibe amene wasintha chomwe akufuna, m'mawa akupitiriza kusaka momwe amasakira. Ntchito yake ndi ina: ikutiuza chifukwa chimene Quint sadzabwerera kumtunda, kuti zomwe achite kutsogoloku tisadabwe nazo. Masini otere achete, anthu akuululirana zakukhosi, amakonda kubwera pokhotera pachiwiri patatsala pang'ono. Mukawaona khalani tcheru, koma musawalembe.

Chotsatira, boti lawonongeka, Brody akutenga wailesi kuti aitane thandizo kumtunda, Quint akuiphwanya ndi chibonga. Apa khomo latsekeka, thandizo kulibe. Kenako migolo yachikasu ija, imene Quint amadalira kuti itopetsa shaki nkuikokera pamwamba, yakanika, shaki ikumira nayo itatu. Quint akuthamangitsa boti kulowera kumadzi osaya, Hooper akumuchenjeza kuti injini siipirira, iye akuwonjezera moto mpaka injini yapsa. Boti laima, likulowa madzi. Quint akutulutsa majekete oyandamitsa nkuwapatsa anzake, kenako akufunsa Hooper, munthu amene wakhala akumunyoza ulendo wonse chifukwa cha zida zake zapamwamba, kuti kodi zida zakezo zingachite chiyani.

Ndinali pakati pa wailesi ndi injini, ndasankha injini. Chifukwa chake ndi ichi: wailesi itaphwanyidwa pulani ikadalipo, Quint akadali ndi njira zake zoti ayese. Injini itapsa pulani yonse ya gawo lachiwiri yafa, amene amadziwa zonse wavomera kuti zamuthera, ndipo chatsala ndi chinthu chimodzi chomaliza, Hooper kulowa m'chikhola chachitsulo ndi poizoni. Kuyambira apo palibenso kuyesa njira zatsopano zambirimbiri, ndi mzere umodzi: chikhola chaphwanyidwa, Quint wadyedwa, Brody watsala yekha pa mlongoti wa boti lomira ndi mfuti, akuwombera silinda ya mpweya ili m'kamwa mwa shaki. Ndiye funso la pokhotera pachiwiri pa pepala ndalilemba chonchi: kodi njira imene akhala akudalira yatha, ndipo kwatsala kuyesa kumodzi kokha?

Izi zikutanthauza kuti gawo lachitatu la Jaws ndi lalifupi kwambiri kuposa mphindi 30 za Field. Ndaona kuti ndiyenera kulemba zimenezi poyera pa pepala, kuti pokhotera pachiwiri kawirikawiri pamachedwa kuposa makota atatu, munthu asakakamize sini ya pa mphindi 93 kuti ikhale chimene siili. Komanso asasokoneze pokhotera pachiwiri ndi pachimake. Kuphulika kwa silinda ndi pachimake, ndi yankho la funso. Pokhotera pachiwiri ndi pomwe patiika pa njira yopita ku yankholo.

Kanthu kena kokoma komwe ndaona pobwereza: silinda ija inaonetsedwa kale, Brody atamasula chingwe cholakwika masilinda nkugubuduka, Hooper nkumukalipira kuti angaphulike. Gawo lachitatu labwino silibweretsa chida chatsopano, limagwiritsa zomwe tinaona kale. Ndiye mukaona filimu yasiya kukudziwitsani zinthu zatsopano, yayamba kutolera zakale, mwalowa m'gawo lachitatu.

Lachinayi

Ndayesa pepalali pa filimu ina yosiyana kotheratu kuti ndione ngati silinangopangidwira Jaws. The Lion King ya 1994, mphindi 88, kota yake ndi 22. Pa mphindi 22 palibe kukhota kwa Simba, mwini filimuyi, akadali mwana wa mkango wofuna ufumu msanga. Kukhota kukubwera bambo ake Mufasa atafa ndipo Scar, m'bale wa Mufasa, wauza Simba kuti athawe asadzabwerenso, ndiye kuti filimu yadutsa kale gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yake. Samu yaphonya ndi mphindi zambiri ndithu, koma mafunso agwira: chomugunda ndi imfa ya bambo ake, chomwe wasankha ndi kuthawa, ndipo sangabwerere kumoyo wadzulo. Chakumapeto chimodzimodzi, Nala, mnzake wa paubwana, akumupempha kuti abwerere iye akukana, ndiye kubwera kwa Nala si pokhotera. Pokhotera ndi pomwe Simba wakumana ndi Rafiki, nyani wanzeru, waona bambo ake m'mitambo, nkuyamba kuthamanga kubwerera kwawo. Apanso njira imene amadalira, yoiwala zakale nkumangodya, ndiyo yatha.

Chifukwa cha zimenezi ndasintha dongosolo la pepala. Samu ndaitsitsa pansi, pamwamba ndaika dzina la mwini filimu ndi chiganizo cha zomwe akufuna, kenako mipata yolemba chiganizo chatsopano nthawi iliyonse mneni akasintha, ndi mphindi yake pambali. Samu izibwera pomaliza ngati yongoyerekezera.

Chomwe sichinatheke ndi mafilimu opanda mwini mmodzi, aja a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi aliyense ndi nkhani yake. Pepala langa lili ndi mpata wa dzina limodzi, ndipo ndikayesa kulikakamiza ndikhala ndikunamiza owerenga. Maganizo omwe ndili nawo ndi oti munthu aliyense akhale ndi mzere wake, tione ngati kukhota kwawo kumagwera m'dera limodzi kapena kumasiyana. Palinso mafilimu ofotokoza nkhani mosatsata nthawi, oyamba ndi mathero, pamenepo ndiyenera kusankha ngati ndikuyeza kukhota kwa mwini filimu kapena kwa zomwe woonera akudziwa, poti ziwirizi zimasiyana malo. Ndiyamba ndi ya anthu ambiriyo kumapeto kwa sabata ino, pepala ndalijambula kale mizere inayi.